Piritsi lina ndi lotafuna, lina ndi lomeza: tsiku la mankhwala a njoka za m'mimba kusukulu

Pa tsiku limene azaumoyo amabwera kusukulu ndi mabotolo a mankhwala, ana ambiri m'madera athu amalandira mitundu iwiri ya mapiritsi nthawi imodzi. Makolo amangoti "mwana wamwa mankhwala a njoka", ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Koma mapiritsi awiriwa amasiyana kamwedwe kake. Lina ndi lotafuna ndipo mwana akhoza kumwa kaya wadya kapena ayi. Linalo ndi lomeza ndi madzi, ndipo silifunika kupatsidwa kwa mwana amene m'mimba mwake mulibe chakudya. Mavuto ambiri amene ndawaona pa masiku otere, monga ana kusanza kuseri kwa kalasi ndi makolo kubwera atakwiya, amayamba chifukwa chosokoneza malamulo a mapiritsi awiriwa.

Piritsi loyamba ndi alubendazo, la mamiligalamu 400. M'malo ena amapereka mebendazo wa mamiligalamu 500, amene ntchito yake ndi yofanana. Awa ndi mankhwala a njoka zokhala m'matumbo, zimene mazira ake amafalikira m'dothi kudzera m'chimbudzi cha anthu: njoka zazitali zooneka ngati nyongolotsi zimene makolo amaziona mwana akachita chimbudzi, tinjoka tating'ono toyamwa magazi timene timalowa m'thupi poboola khungu la kumapazi, ndi tina tooneka ngati kachikwapu. Mwana aliyense wa msinkhu wa sukulu amalandira piritsi limodzi, kaya ndi wa sitandade 1 kapena wa sitandade 8, ndipo palibe choyeza.

Lachiwiri ndi pulazikwanto, mankhwala a likodzo, ndipo piritsi lililonse ndi la mamiligalamu 600. Tizilombo ta likodzo sitikhala m'matumbo ngati njoka zija. Timakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo kapena matumbo, ndipo mwana amatitenga posamba, pochapa kapena posewera m'madzi okhala ndi nkhono zimene timaswaniranamo. Ndi chifukwa chake matendawa ndi ofala m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kuzungulira nyanja ya Chilwa, m'chigwa cha Shire ndiponso m'minda ya mpunga yothirira. Kuchuluka kwa mapiritsi awa kumatengera thupi la mwana.

Tiyambe ndi kutafuna. Alubendazo amene amaperekedwa m'masukulu anapangidwa kuti azitafunidwa, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi kakomedwe ka zipatso kuti ana asamukane. Mwana wamkulu atameza lonse osatafuna, mankhwala amagwirabe ntchito, choncho cholinga cha kutafuna si kuwonjezera mphamvu ya mankhwala. Chifukwa chachikulu ndi kupewa kutsamwa. Piritsili ndi lalikulu poyerekeza ndi pakhosi pa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mwana amene ali ndi mantha, akulira, kapena akukankhidwa ndi anzake pamzere akhoza kulikokera m'njira ya mpweya. Pa zoopsa zonse za tsikuli, kutsamwa ndi kumene kungaphe mwana m'mphindi zochepa, ndipo kumabwera chifukwa cha kaperekedwe, osati chifukwa cha mankhwalawo.

Choncho mwana aime kapena akhale chilili, atafune mpaka piritsi litasungunuka, kenako amwe madzi. Wopereka amuyang'ane mpaka wameza. Ena amachita kunena kuti "tayasamula ndione", ndipo amachita bwino, chifukwa ana ndi akatswiri pobisa piritsi m'tsaya kukalilavulira kuseri kwa mtengo. Mwana akakana kapena akayamba kulira, asagwidwe manja, asatsinidwe mphuno, asapendeketsedwe mutu chagada. Akhale pambali, aone anzake akutafuna popanda vuto, ndipo nthawi zambiri amabwera yekha. Akakanabe, alembedwe m'kaundula kuti sanalandire, nkhani ithere pomwepo. Njoka zikhoza kudikira sabata ina, ndipo palibe chifukwa choika moyo wa mwana pachiswe chifukwa cha piritsi limodzi.

Pamasiku otere amayi ena amabwera ndi ana aang'ono kumsana n'kupempha kuti nawonso alandireko. Ngati azaumoyo avomera, mwana wosakwana zaka zitatu asapatsidwe piritsi lathunthu m'kamwa. Liphwanyidwe pakati pa masupuni awiri mpaka likhale ufa, lisakanizidwe ndi madzi pang'ono, amwe atakhala tsonga pamwendo pa mayi ake. Wa chaka chimodzi koma wosafika zaka ziwiri amalandira theka la alubendazo, mamiligalamu 200, ndipo wosakwana chaka salandira konse pa kampeni yotere.

Pulazikwanto ndi wosiyana kwambiri. Ndi wowawa koopsa, ndipo kuwawa kwake kumakhalitsa pa lilime. Mwana akalitafuna, nseru imabwera pomwepo, ena amasanza mankhwala asanafike n'komwe m'mimba. Tsono taganizani mwana amene wangouzidwa kumene kuti "tafuna" pa tebulo loyamba, kenako pa tebulo lachiwiri apatsidwa mapiritsi ena oyera popanda womuuza kuti awa ndi omeza. Adzatafuna basi, chifukwa akumvera zimene wauzidwa. Amene ali pambuyo pake akaona nkhope yake ikukwinyika ndi malovu akutuluka, ana ambiri pamzerepo amayamba kuthawa. Ine ndimakonda kuti wopereka pulazikwanto azigwira yekha kapu ya madzi ndi kubwereza kwa mwana aliyense kuti "ili usatafune, ika pa lilime, imwa madzi, meza." Ndi mawu otopetsa kuwanena kwa ana mazana angapo, koma amathandiza kwambiri. Piritsili lili ndi mizere yodulira, choncho kwa mwana amene akulephera kumeza lathunthu, lidulidwe m'zidutswa azimeza chimodzichimodzi. Madzi akhale okwanira kapu yathunthu, osati ongonyowetsa pakhosi, ndipo ndi bwino mwana aliyense abwere ndi kapu kapena botolo lake.

Pa nkhani ya chakudya, alubendazo wa njoka za m'matumbo angamwedwe mwana atadya kapena asanadye. Njokazo zili m'matumbo momwemo, ndipo mankhwala amazipeza pomwepo popanda kufunika kulowa kwambiri m'magazi. N'zoona kuti chakudya cha mafuta chimachititsa kuti alubendazo alowe wambiri m'magazi, koma izi zimafunika kwa odwala amene ali ndi tizilombo m'chiwindi kapena mu ubongo, amene amamwa mankhwalawa masiku ambiri kuchipatala. Pa piritsi limodzi la kusukulu palibe chifukwa chomusalitsa mwana chakudya, ndiponso palibe chifukwa chomupatsa mankhwala otsegula m'mimba pambuyo pake. Chikhulupiriro chakuti mankhwala a njoka amamwedwa m'mamawa munthu asanalawe kanthu, kuti njoka zanjala ziwadye bwino, ndi chakale ndipo chidakalipobe m'midzi. Pa alubendazo chikhulupirirochi sichipweteka kwenikweni, koma vuto limabwera pa pulazikwanto.

Pulazikwanto amayenera kulowa m'magazi kuti akapeze tizilombo ta likodzo m'mitsempha, ndipo amalowa bwino kwambiri akapeza chakudya m'mimba. Mwana womwa ndi njala amataya zinthu ziwiri: mankhwala ochepa ndi amene amafika m'magazi, pamene kupotokola kwa m'mimba, nseru ndi chizungulire zimakula. Chakudya chake chisakhale tiyi wopanda mkaka kapena kaswiti. Pafunika chinthu chokhalitsa m'mimba monga phala, mkute, mbatata, chinangwa chophika, chigumu kapena nthochi zingapo. Ndipo mwana akhale kuti wadya posachedwa. Mwana amene anamwa phala dzuwa lisanatuluke, n'kuyenda makilomita anayi, n'kudzafika pa tebulo la mankhwala cha m'ma 11 koloko, ameneyo ali ndi njala ngakhale atayankha kuti "ndadya". M'masukulu amene amaphika phala dongosolo lake n'losavuta: phala liyambe, mankhwala atsatire ana akangotsuka makapu. Kumene kulibe phala, uthenga upite kwa makolo kudakali masiku angapo, kudzera kwa mafumu, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, wonena kuti mwana adye komanso atenge kamba. Ngati tsiku lagwera mwezi wa Ramadani ndipo ana okulirapo akusala, ndi bwino kukambirana za tsiku lina kusiyana ndi kuwamwetsa ndi njala.

Tione chitsanzo cha mwana mmodzi. Mtsikana wa zaka khumi, wa sitandade 4, wafika pa tebulo. Mlingo wa pulazikwanto ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, koma masikelo sapezeka m'sukulu zambiri, choncho bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakonza ndodo yoyezera msinkhu yokhala ndi magawo. Mwana wa masentimita 94 mpaka 109 amalandira piritsi limodzi. 110 mpaka 124, limodzi ndi theka. 125 mpaka 137, awiri. 138 mpaka 149, awiri ndi theka. 150 mpaka 159, atatu. 160 mpaka 177, anayi. Ndipo woposa pamenepo, asanu. Mtsikana wathu wavula nsapato, waima mowongoka pamalo osalala, zidendene zitagunda ndodo. Woyeza waika rula pamutu pake, wapanikiza tsitsi, ndipo rulayo yagwera pa masentimita 131. Mapiritsi ake ndi awiri, mamiligalamu 1,200, mlingo wa mwana wa makilogalamu 30. Ngati kulemera kwake kwenikweni ndi makilogalamu 27, ndiye kuti walandira pafupifupi mamiligalamu 44 pa kilogalamu, ndipo zimenezi zili bwinobwino, chifukwa ndodoyo inakonzedwa kuti ana ambiri azigwera pakati pa 40 ndi 60. Kulakwitsa kumabwera pa mwana amene ali m'malire a magawo. Wa masentimita 136 akayezedwa ali ndi nsapato, kapena rula itakhala pamwamba pa tsitsi loluka, amalumphira m'gawo la awiri ndi theka. Theka lowonjezeralo silingamuphe, koma nseru ikhoza kukula.

Asanamupatse kanthu, pali mafunso oti afunsidwe. "Wadya chiyani lero?" ndi funso labwino kuposa "wadya?", chifukwa mwana amayankha eya pofuna kusangalatsa aphunzitsi. Mtsikana uja akaweramitsa mutu n'kunena kuti "sindinadye, aphunzitsi, amayi analawirira kumunda", alubendazo akhoza kutafuna pomwepo, koma pulazikwanto adikire mpaka atadya phala kapena mbatata. Funso lina ndi lakuti kodi akudwala lero. Mwana wotentha thupi, wosanza kapena wotsegula m'mimba salandira tsiku limenelo, amadzalandira akachira. Chifukwa chake si chakuti mankhwalawa amakulitsa malungo, koma kuti mwana amene wayamba kale kudwala malungo akamwa piritsi m'mawa n'kukomoka usiku, mudzi wonse udzati wamupweteka ndi mankhwala a kusukulu, ndipo choipa kwambiri n'chakuti makolo angachedwe kupita naye kuchipatala podikira kuti "mankhwala atuluke m'thupi".

Funso limene limaiwalika kawirikawiri ndi la khunyu. Mwana amene amagwa khunyu kapena anakomokapo mopalapata asalandire pulazikwanto pamzere wa kusukulu. M'madera oweta nkhumba, anthu ena ali ndi timatumba ta ana a njoka ya nkhumba mu ubongo, timene timabwera munthu akameza mazira a njokayo kuchokera ku chimbudzi cha munthu, ndipo ndi chimodzi mwa zoyambitsa khunyu. Pulazikwanto akapha tizilombo timeneti, malo ozungulira amatupa, ndipo mwana akhoza kukomoka kapena kumva mutu woopsa patapita masiku angapo. Mwana wotere aonedwe kuchipatala. Aphunzitsi a kalasi ndi amene amadziwa ana awa, osati mlangizi wa zaumoyo wongobwera tsikulo, choncho asachoke pa tebulo. Kwa atsikana akuluakulu pali funso la pathupi, chifukwa mankhwalawa saperekedwa pa kampeni m'miyezi itatu yoyambirira ya mimba. Limeneli lisafunsidwe pagulu. Aphunzitsi aakazi alankhule nawo paokha tsikulo lisanafike. Ndipo mwana amene anatupapo nkhope kapena kubanika atamwa mankhwala omwewa chaka china asalandirenso.

Mtsikana uja wadya, wameza mapiritsi ake awiri, walembedwa. Asathamangire kunyumba. Pulazikwanto amachuluka m'magazi pakati pa ola limodzi ndi maola atatu, ndipo zambiri zimene zimachitika zimaoneka m'nthawi imeneyi. Ndi chifukwa chake mankhwala amayenera kuperekedwa m'mawa, kuti ana akhale pasukulu maola awiri kapena kuposerapo pamaso pa akuluakulu. Mwana wa chizungulire asayende yekha mtunda wautali, asakwere njinga, asapite kukasamba kunyanja kapena kudambo madzulo amenewo.

Zimene zimayembekezeka ndi kupweteka kwa m'mimba, nseru, kusanza kamodzi kapena kawiri, mutu, chizungulire, tulo, kutsegula m'mimba pang'ono, ndiponso nthawi zina kuyabwa ndi timatuza pakhungu. Zimatha zokha pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Chothandiza ndi kumugoneka mwana pamthunzi, kumupatsa madzi pang'onopang'ono, ndi kumusiya apume. Makolo ambiri sauzidwa kuti mwana amene ali ndi tizilombo tambiri ndi amene amamva kwambiri zimenezi, chifukwa thupi likulimbana ndi tizilombo timene tikufa. Mwana amene wavutika kwambiri m'mimba kawirikawiri ndi amene amafunikira mankhwalawo koposa anzake. Kholo likamva zimenezi pasadakhale limapirira, koma likazimva mwana atayamba kale kubuula limaona ngati mukudzitchinjiriza.

Mwana akasanza, wopereka alembe nthawi imene wasanza ndipo aone ngati piritsi likuoneka m'masanziwo. Kusanza patangopita mphindi zochepa kukhoza kutulutsa mankhwala, pamene kusanza patapita maola awiri kumapeza atalowa kale m'thupi. Zomupatsanso kapena ayi agamule ndi azaumoyo. Mphunzitsi asangotenga piritsi lina m'botolo.

Ndinaonapo pasukulu ina ana oposa khumi atagona pansi pa mtengo wa mango, onse akuti akumva chizungulire. Woyamba anali mnyamata amene sanadye, ndipo anasanzadi. Enawo anayamba kugwa mmodzimmodzi ataona iye, makamaka anzake a kalasi imodzi. Mayi wina anafika chitenje chili m'manja, akukuwa kuti, "Aphunzitsi, mwandiphera mwana!" Mlangizi wa zaumoyo sanakangane naye. Anamukhazika pafupi ndi mwana wake, nati, "Mayi, tamugwirani pachipumi, si wotentha. Tamverani mmene akupumira. Mupatseni madziwa nokha." Kenako anabalalitsa gulu la oonerera, nasiyanitsa ana ogonawo kuti asamaonane. Pofika nthawi yoweruka onse anali atadzuka. Mantha amapatsirana pakati pa ana, ndipo chizungulire chimene amamva si chonamizira, choncho kuwakalipira sikuthandiza. Komabe mwana aliyense aonedwe payekha, chifukwa pakati pa ogwa ndi mantha pakhoza kukhala mmodzi wodwaladi.

Mwana wodwaladi amadziwika ndi zizindikiro izi. Kutupa kwa milomo, zikope kapena nkhope yonse, kupuma movutikira kapena molira, ziwengo zofalikira thupi lonse mofulumira, kukomoka kosadzuka, kupalapata, kusanza kosalekeza moti ngakhale madzi sakukhala, zonsezi ndi za kuchipatala nthawi yomweyo. Sizichitika kawirikawiri, koma sukulu idziwiretu m'mawa kuti njinga yamoto kapena galimoto ichokera kuti. Kutsamwa kulibe nthawi yodikira galimoto. Mwana amene akutsokomola mwamphamvu asiyidwe atsokomole. Amene sakutha kulankhula, kulira kapena kutsokomola, wagwira pakhosi ndipo milomo ikuda, aweramitsidwe kutsogolo ndi kumenyedwa ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu. Zikakanika, mugwireni chakumbuyo, ikani chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, kokerani mkati ndi m'mwamba kasanu, ndipo bwerezani mosinthanitsa mpaka piritsi litatuluka. Osamupatsa madzi, ndipo osapisa chala pakhosi kufufuza chinthu chimene simukuchiona.

Kunyumba, m'masiku otsatira, makolo amayang'ana njoka m'chimbudzi. Alubendazo sapha nthawi yomweyo. Amalepheretsa njoka kuyamwa shuga, ndipo zimafooka n'kufa m'masiku angapo. Zazitali zija zikhoza kuoneka m'chimbudzi, zina zikugwedezeka, ndipo mwa ana amene anali nazo zambiri imodzi ikhoza kutulukira m'kamwa kapena m'mphuno. Zimenezi zimaopsa kuona, koma si ngozi pazokha. Kusaona kanthu sikutanthauza kuti mankhwala sanagwire, chifukwa tinjoka toyamwa magazi n'tating'ono moti sitizindikirika m'chimbudzi. Choyenera kuopa ndi mimba yotupa ndi yolimba, kupweteka kosaleka, kusanza zobiriwira, ndi mwana kulephera kuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya. Izi zikhoza kutanthauza kuti njoka zapotana n'kutseka matumbo, ndipo mwana apite kuchipatala usiku womwewo, osayamba ndi mankhwala azitsamba otsegula m'mimba. Kutentha thupi kumene kwabwera pambuyo pa mankhwala kuyezedwe malungo monga mwa nthawi zonse.

Malire a mapiritsiwa ayeneranso kunenedwa moona. Alubendazo mmodzi amagwira bwino kwambiri pa njoka zazitali, amagwira ndithu pa zoyamwa magazi, koma pa zachikwapu amangochepetsa. Sateteza mwana ku njoka zatsopano. Njoka yaikazi imodzi ya mtundu wautali uja imaikira mazira pafupifupi 200,000 patsiku, ndipo mazirawo amakhala m'dothi nthawi yaitali, choncho mwana wobwerera kubwalo lomwelo, wopanda nsapato, kusukulu yopanda madzi osamba m'manja pafupi ndi chimbudzi, amatenganso m'miyezi yochepa. Malangizo a WHO ndi akuti mankhwala aperekedwe kamodzi pachaka kumene ana osachepera 20 mwa 100 ali ndi njoka, ndipo kawiri pachaka kumene apitirira theka.

Pulazikwanto nayenso amapha tizilombo tatikulu koma sagwira bwino tating'ono timene tangolowa kumene m'thupi. Mtsikana wathu ngati ankakodza magazi, sadzasiya mawa lake. Mazira amene anakanirira kale m'khoma la chikhodzodzo amapitiriza kutuluka, ndipo zilonda zimatenga masabata kuti zipole. Mkodzo uyenera kumayera pang'onopang'ono. Ngati patapita mwezi umodzi kapena iwiri magazi akuonekabe, mwina tizilombo tating'ono tija takula, mwina watenganso pochapa kudambo, ndipo mayi ake apite naye kuchipatala akayezedwe mkodzo m'malo modikira kampeni ya chaka chamawa.